Mmene mungapangire tebulo losinthira ndalama lomwe limadzikonza lokha reti ikasintha

Vuto lake limabwera chimodzimodzi pafupifupi kwa aliyense. Munthu walemba ndalama zake mu Excel, waika reti pamwamba, walemba fomyula pa mzere oyamba nkutuluka yankho labwinobwino, nde akangokoka fomyula ija kutsitsa mmusi basi zinthu zabalalika, pena ziro, pena `#VALUE!`, pena nambala ya mamiliyoni yosadziwika kochokera. Ambiri akafika apa amagwa ulesi nkuyamba kulemba reti ija ndi manja mu fomyula iliyonse, ndipo tsiku lomwe reti yasintha amakhalira kukonza mzere umodziumodzi mpaka kuiwalako ina. Chomwe tikufuna apa nchakuti reti izikhala mu selo imodzi yokha, ndipo mafomyula onse aziyang'ana selo imeneyoyo osasuntha. Mukasintha pamenepo, tebulo lonse lisinthe nthawi yomweyo.

## Zofunika kukhala nazo

- Excel, Google Sheets kapena LibreOffice Calc. Mafomyula ali mmusimu amagwira konseko, kupatula pomwe ndanena kuti pali kusiyana.
- Mndandanda wa ndalama zomwe mukufuna kusintha. Ife tigwiritsa ntchito madola asanu awa: 100, 250, 40, 1200 ndi 75.50.
- Reti, komanso tsiku lomwe mwaitenga. Mareti omwe ndalemba munomu ndi ongophunzirira chabe kuti masamu aziyenda bwino, inu muike a tsiku lanu.
- Kakyuleta, olo ya pa foni, yoti mutsimikizire mzere umodzi kapena iwiri.

## Gawo loyamba: ndalama imodzi kupita ku ina

1. Ipatseni reti malo akeake pamwamba. Mu A1 lembani mawu akuti dola imodzi ndi mayuro angati, mu B1 lembani `0.92`. Mu A2 lembani kuti tsiku la reti, mu B2 ikani tsikulo, tinene kuti 1 Januwale 2025. Mzere wa 3 usiyeni opanda kanthu. Selo ya B1 ipakeni mtundu, wachikasu kaya wina ulionse, kuti aliyense otsegula shitiyo adziwe kuti malo osintha ndi amenewo okha.

Chenjezo: mu B1 mukhale nambala yokhayokha. Mukalemba `0.92 EUR` ndiye kuti mwalemba mawu, ndipo kompyuta singachulukitse mawu. Dzina la ndalama lipite mu A1.

2. Lembani mitu ndi ndalama zanu. Pa mzere wa 4, mu A4 lembani chinthu, mu B4 `USD`, mu C4 `EUR`. Kenako kuyambira B5 mpaka B9 ikani ndalama zisanu zija, 100, 250, 40, 1200, 75.50. Mu kolamu A mutha kulemba kuti ndalama iliyonse ndi ya chani.

3. Yambani mwadala ndi fomyula yolakwika. Ndikudziwa kuti zikumveka zachilendo koma chitani, chifukwa mukaona ndi maso anu mmene imaonongekera simudzavutikanso kuizindikira kwina. Mu C5 lembani:

```
=B5*B1
```

Ituluka 92, ndipo ndi yankho lolondola. Tsopano dinani C5, gwirani kabokosi kakang'ono kali pa ngodya ya mmusi kumanja kwa seloyo, kokani mpaka C9. Muona izi: C6 yatulutsa 11,414,500, C7 yatulutsa 0, C8 yalemba `#VALUE!`, C9 yatulutsa 7550.

Dinani selo iliyonse muone fomyula yake pamwamba paja. Mu C6 muli `=B6*B2`, mu C7 `=B7*B3`, mu C8 `=B8*B4`, mu C9 `=B9*B5`. Chachitika nchakuti pulogalamuyi sinasunge kuti "tenga B1", inasunga kuti "tenga selo yomwe ili mizere inayi kumtunda, kolamu imodzi kumanzere", nde fomyula ikatsika mzere umodzi zonse ziwiri zimatsika nayo limodzi. Kwa B5 kusanduka B6 ndi zomwe timafuna. Kwa B1 kusanduka B2 ndi pomwe pali vuto.

Ndipo yankho lililonse lolakwikalo lili ndi chifukwa chake. C6 yachulukitsa 250 ndi tsiku, ndipo tsiku mkati mwa Excel limasungidwa ngati nambala, 1 Januwale 2025 ndi 45658, nchifukwa chake mamiliyoni aja. C7 yachulukitsa ndi selo yopanda kanthu yomwe imatengedwa ngati ziro. C8 yakumana ndi mawu akuti `USD`. Koma yoopsa kuposa zonse ndi C9, chifukwa yachulukitsa 75.50 ndi 100 wa mu B5 nkutulutsa 7550 popanda chizindikiro chilichonse choti pali cholakwika. Mu tebulo la mizere 300, mizere yonse yotsatira imakhala ya mtundu umenewu, manambala ooneka ngati enieni koma abodza, ndipo munthu othamanga atha kukonza zitatu zoonekera zija nkusiya zina zonsezo.

4. Khomani adiresi ya reti. Fufutani C5 mpaka C9. Mu C5 lembani:

```
=B5*$B$1
```

Iyi ndi yomwe amati abusoluti refarensi, adiresi yokhoma. Chizindikiro cha `$` chimagwira chomwe chili patsogolo pake penipenipo: `$B` ndiye kuti kolamu B isasunthe, `$1` ndiye kuti mzere 1 usasunthe. Zili ngati mwakhomera msomali pa B1, fomyula ipite kulikonse koma chingwe chake chili pamsomali pomwepo. B5 sitinaikhome chifukwa iyoyo ikuyenera kutsika.

Apa ambiri amasokonezeka poti tikukamba za ndalama. `$` wa mu fomyula alibe chochita ndi dola. Olo mukanakhala kuti mukusintha mayeni kupita ku mapaundi, chizindikiro chokhomera ndi chomwechi, simungaike `€` kapena `£` mmalo mwake.

Simukuyenera kuvutika kutayipa `$` ndi manja. Mukalemba `=B5*B1`, musanadine Enter dinani F4, B1 isanduka `$B$1`. Mukadinanso ikhala `B$1`, kachitatu `$B1`, kachinayi ibwerera pa `B1`. Pa malaputopu ambiri F4 yokha imakweza volyumu kapena kuwala, nde dinani Fn ndi F4 limodzi. Pa foni palibe F4, mungotayipa.

Chenjezo: F4 imakhoma pokhapokha muli mkati molemba fomyula ndipo kesa ili pa adiresiyo. Mukangodina selo nkudina F4 osalowa mkati, Excel imabwereza chomwe munachita komaliza, ndipo ngati chomalizacho chinali kufufuta mzere ifufutanso wina.

5. Kokani kutsitsa. Kuchokera C5 mpaka C9, kapena dinani kawiri kabokosi kapangodya kaja ndipo idzitsitsa yokha mpaka pomwe ndalama za mu B zathera. Mukuyenera kupeza 92, 230, 36.80, 1104 ndi 69.46. Dinani C9, fomyula yake ikhale `=B9*$B$1`. Mukadina F2 pa seloyo muona timabokosi ta mitundu tikuzungulira maselo omwe fomyula ikuwerenga, kamodzi pa B9 kena pa B1. Ngati kachiwiriko kali pena paliponse osati pa reti, simunakhome.

6. Ikani totala ndi choyesera. Mu B10 lembani `=SUM(B5:B9)`, mu C10 `=SUM(C5:C9)`. Mupeza 1665.50 ndi 1532.26. Kenako penapake pambali, tinene mu E10, lembani:

```
=ROUND(B10*$B$1-C10,2)
```

Ikuyenera kutulutsa 0. Nzeru yake ndi yakuti totala ya madola kuchulukitsa ndi reti ifanane ndi totala ya mayuro omwe asinthidwa umodziumodzi. Tsiku lomwe wina adzalembe nambala ndi manja pamwamba pa fomyula mu mzere wina, reti ikadzangosintha selo imeneyi idzasiya kukhala ziro ndipo mudzadziwa pompo. Ine tebulo lopanda kaselo aka sindilikhulupirira.

7. Sinthani reti muone. Mu B1 lembani `0.95`. Kolamu C yonse isinthe: 95, 237.50, 38, 1140, ndipo yomaliza 71.725. Njira ina yachidule kwambiri yoyesera ndi kulemba `1` mu B1, pamenepo kolamu C ikuyenera kufanana ndendende ndi kolamu B, ndipo mzere ulionse osiyana umaonekera patali olo tebulo litalika bwanji. Mukamaliza bwezerani `0.92`.

## Kuchulukitsa kapena kugawa

Imani kaye apa chifukwa fomyula itha kukhala yokhoma bwinobwino koma yankho nkukhala lolakwika mizere yonse. Reti imodzi yomweyo imalembedwa mbali ziwiri. Wina akuuzani kuti dola imodzi ndi mayuro 0.92, wina akuuzani kuti yuro imodzi ndi madola 1.087, ndipo onsewa akunena chinthu chimodzi. Mukatenga 1.087 nkuika mu B1 ndi fomyula yochulukitsa ija, madola 100 atuluka mayuro 108.70 mmalo mwa 92, ndipo palibe selo yomwe idandaule.

Lamulo lake ndi losavuta. Werengani reti mokweza ngati chiganizo, "chakuti chimodzi ndi zakuti zingapo". Ngati ndalama yomwe muli nayo ndi yomwe ili mbali ya "chimodzi", chulukitsani. Ngati ili mbali inayo, gawani. Nde ndi 1.087, poti yuro ndi yomwe ili mbali ya chimodzi pomwe inu muli ndi madola, fomyula ikhala:

```
=B5/$B$1
```

Ituluka 91.996, pafupifupi 92 yemwe uja. Mukaona zolembedwa `EUR/USD 1.087`, ndalama yoyambayo ndi yomwe ili imodzi, kutanthauza yuro imodzi ndi madola 1.087. Nchifukwa chake mu A1 ndinati mulembe chiganizo chonse, osangolemba kuti "reti", kuti mnzanu obwera kudzasintha mawa asadzaike yotembenuza.

## Gawo lachiwiri: ndalama zingapo ndi fomyula imodzi

Tsopano tikufuna madola omwe aja aoneke mu mayuro, mapaundi ndi mayeni nthawi imodzi. Mutha kulemba mafomyula atatu osiyana, lililonse ndi adiresi yake yokhoma, ndipo zigwira. Koma pali njira yoti mulembe imodzi basi nkuikokera mbali zonse, ndipo ndi yomwe imathandiza tsiku lomwe mwaonjezera ndalama yachinayi.

8. Tsegulani shiti yatsopano, mareti muwayale chopingasa. Mu C1, D1, E1 lembani `EUR`, `GBP`, `JPY`. Mu A2 lembani kuti dola imodzi ndi zingati, kenako mu C2 `0.92`, mu D2 `0.79`, mu E2 `150`. Tsiku la reti muike mu B1. Pa mzere wa 4 mitu, B4 `USD`, ndipo mu C4 lembani `=C1` nkukokera mpaka E4 kuti mitu izitsatira yokha za pamwamba. Ndalama zisanu zija zibwerere mu B5 mpaka B9. Chofunika apa nchakuti reti iliyonse ikhale pamwamba penipeni pa kolamu yake.

9. Ganizani kaye chomwe chisunthe ndi chomwe chisasunthe. Ndalama ya dola nthawi zonse ili mu kolamu B, koma mzere wake umasintha, nde tikhoma kolamu yokha, `$B5`. Reti nthawi zonse ili pa mzere wa 2, koma kolamu yake imasintha, nde tikhoma mzere okha, `C$2`. Mu C5 lembani:

```
=$B5*C$2
```

Kokerani kumanja mpaka E5, kenako maselo atatuwo akadali osankhidwa kokerani pansi mpaka mzere wa 9. Mzere wa 100 utulutsa 92, 79 ndi 15000. Wa 250 utulutsa 230, 197.50 ndi 37500. Wa 1200 utulutsa 1104, 948 ndi 180000. Dinani selo ya pa ngodya yakutali, E9, muone ngati muli `=$B9*E$2`, yankho lake 11325. Ngodya imeneyo ikakhala bwino ndiye kuti zapakati zonse zili bwino.

Apa pali njira ziwiri zolakwira ndipo iliyonse ili ndi maonekedwe ake. Mukakhoma reti konsekonse, `=$B5*$C$2`, makolamu onse atatu atulutsa manambala ofanana, 92, 92, 92, chifukwa onse akuwerenga reti ya yuro. Imeneyi imaoneka msanga. Inayo ndi yobisala: mukaiwala kukhoma B nkulemba `=B5*C$2`, kolamu C ikhala bwino, koma D5 isanduka `=C5*D$2`, kutanthauza ikutenga mayuro 92 nkuwachulukitsa ndi reti ya paundi, nkutuluka 72.68 mmalo mwa 79. Nambala ngati 72.68 palibe angaikayikire pongoyang'ana. Nchifukwa chake ndi bwino kuti mzere oyamba wa tebulo ukhale wa 100 kapena wa 1, chifukwa pamenepo manambala a yankho akuyenera kufanana ndi a reti ili pamwambayo ndipo maso okha amakwanira kuona.

10. Onjezerani komishoni, ngati ilipo. Reti yomwe mumaona pa intaneti nthawi zambiri ndi yapakati, pomwe banki kapena osintha ndalama amakhala ndi reti yogulira ndi yogulitsira, ena nkudulanso peresenti yawo. Ngati mukufuna kuona zomwe zifike mmanja, mu A3 lembani komishoni, mu B3 lembani `2%`. Fomyula ya C5 ikhale:

```
=$B5*C$2*(1-$B$3)
```

Kokeraninso mbali zonse. Madola 100 apereka mayuro 90.16, madola 250 apereka mapaundi 193.55. Mu fomyula imodzi yomweyi muli mitundu yonse itatu ya kukhoma: ndalama yokhomedwa kolamu, reti yokhomedwa mzere, komishoni yokhomedwa konsekonse chifukwa ndi imodzi pa tebulo lonse. Onetsetsani kuti mwalemba `2%` kapena `0.02`. Mukalemba `2` yekha mu selo wamba, fomyula iwerenga 1 kuchotsa 2 ndipo mayankho onse atuluka ndi mainasi. Mukafuna tebulo lopanda komishoni ingolembani 0 mu B3, fomyula musaigwire.

11. Konzani madesimo. Bwezerani komishoni pa 0 muone D9. Madola 75.50 pa 0.79 ndi 59.645, ndipo palibe amalipira ndalama ya madesimo atatu. Mukangosintha maonekedwe a selo kuti izionetsa madesimo awiri muona 59.65, koma mkati ikadali 59.645. Mizere iwiri yotere ikaphatikizidwa totala ikhala 119.29, pomwe munthu ophatikiza ndi kakyuleta zomwe akuona papepala apeza 119.30, nde nkuyamba kukangana pa kakobiri kamodzi. Ngati mzere ulionse ndi malipiro apaokha, zungulizani mu fomyula momwemo:

```
=ROUND($B5*C$2*(1-$B$3),2)
```

Yeni siigwiritsa ntchito madesimo pa malipiro a tsiku ndi tsiku, nde kolamu E ikufuna 0 mmalo mwa 2. Kuti fomyula ikhalebe imodzi, ikani chiwerengero cha madesimo pa mzere wa 3, C3 `2`, D3 `2`, E3 `0`, ndipo mu fomyula mmalo mwa 2 uja lembani `C$3`. Dziwaninso kuti mukayamba kuzunguliza mzere ulionse, choyesera chathu cha pa nambala 6 chitha kumaonetsa 0.01 kapena 0.02, zimenezo si vuto, vuto ndi chikaonetsa nambala yaikulu. Chomwe musazungulize ndi reti. Reti ya 0.9237 mukaidula kukhala 0.92, pa madola 1200 mwataya mayuro 4.44.

## Mareti akakhala pa shiti ina

Tebulo likakula, kapena mashiti angapo akamagwiritsa ntchito mareti omwewo, ndi bwino mareti akhale pa shiti yawoyawo. Itchuleni `Mareti`, reti ya yuro muike mu B2, ndipo fomyula ikhala `=$B5*Mareti!$B$2`, koma mu LibreOffice ikhala `=$B5*Mareti.$B$2`. Mukamalemba fomyula nkupita kukadina selo ya pa shiti inayo, adiresi imabwera yosakhoma, nde F4 ikufunikabe. Mu Excel muthanso kuipatsa seloyo dzina, dinani B2, lembani `RetiEUR` mu kabokosi ka kumanzere kwa pomwe pamaoneka fomyula, dinani Enter. Kuchokera pamenepo `=$B5*RetiEUR` igwira, ndipo dzinalo limaloza selo yomweyo olo mukokere kuti.

## Kuti reti izibwera yokha

Mu Google Sheets mutha kuchotsa 0.92 wolemba ndi manja uja nkuika mu C2:

```
=GOOGLEFINANCE("CURRENCY:USD"&C1)
```

Mukakokera mpaka E2 iliyonse itenga khodi ya ndalama yomwe ili pamwamba pake. Mafomyula a mmusi aja simuwagwira nkomwe, ndipo apa mpomwe phindu loika reti pamalo amodzi limaonekera. Fomyulayi ndi ya Google Sheets yokha, mu Excel ndi mu LibreOffice sigwira. Imafuna intaneti, reti yake itha kuchedwa mpaka mphindi 20, ndipo ndi reti ya pamsika osati yomwe banki yanu ikupatseni. Pongoyerekeza ndi yabwino, koma pa invoisi kapena pa ndalama zoti mukabweze kwa munthu gwiritsani ntchito reti yomwe munagwirizana.

## Pomwe tebulo lotere silikuyenera

Izi ndizofunika kuzimvetsa musanayambe kulidalira. Tebulo lomwe tapangali limayankha funso limodzi lokha: ndalama izi, pa reti ya pano, ndi zingati? Limagwira bwino pa mndandanda wa mitengo, bajeti, kapena kuyerekeza zomwe simunagule. Koma siligwira pa zinthu zomwe zinachitika kale. Ngati mu Malichi munalipira madola 1200 pa 0.92, munatulutsa mayuro 1104 ndipo nkhani inatha. Mu Epulo reti ikafika 0.95 nkusintha selo ya pamwamba, mzere wa Malichi uja uyamba kunena 1140, ndalama yomwe simunalipirepo, ndipo mabuku anu sagwirizananso ndi sitetimenti ya ku banki.

Pa zolemba zakale chitani mosiyana: onjezerani kolamu ya reti pambali pa ndalama iliyonse, mzere ulionse ukhale ndi reti ya tsiku lake yolembedwa ngati nambala, ndipo fomyula ikhale yosakhoma, monga `=B5*C5`. Kapena mwezi ukatha sankhani mayankho onse, kopani, nkumata manambala okha, mu Excel ndi `Paste Special` kenako `Values`, mu Google Sheets ndi Ctrl+Shift+V. Mukatero mafomyula achoka ndipo manambala aima pomwe analipo. Sungani kope ina yokhala ndi mafomyula musanachite izi chifukwa mukaseva nkutseka sizibwereranso.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Mwasintha reti koma palibe chasuntha. Yambani mwadina selo imodzi ya yankho. Ngati pamwamba pakuoneka nambala osati fomyula, wina anamata manambala okha. Ngati pakuoneka `=B5*0.92`, reti inalembedwa mkati mwa fomyula ndipo selo yachikasu ija palibe akuiwerenga. Ngati fomyula ili bwino koma sikusinthabe, Excel ili pa kuwerengera kwa manja, pitani pa `Formulas`, `Calculation Options`, sankhani `Automatic`. Mukadina F9 manambala nkusintha ndiye kuti vuto linali lomweli.

Mzere umodzi okha ndi omwe watsalira. Dinani Ctrl ndi batani la `` ` ``, lomwe pa makiibodi ambiri lili pansi pa Esc, shiti yonse ionetsa mafomyula mmalo mwa mayankho. Tsikani ndi maso mu kolamuyo, selo yomwe ili ndi nambala pakati pa mafomyula muiona msanga. Dinaninso mabatani omwewo kuti zibwerere.

`#VALUE!` pa kolamu yonse. Reti yalowa ngati mawu. Zimachitika kwambiri mukakopa kuchokera pa intaneti, imabwera ndi dzina la ndalama kapena kampata kosaoneka. Nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa selo, mawu amatsamira kumanzere. Yesani `=ISNUMBER(C2)`, ikati `FALSE` fufutani nkulemba retiyo ndi manja. Pa makompyuta ena desimo amalemba ndi koma, `0,92`, ndipo pa otero mafomyula amalekanitsa ndi `;` mmalo mwa koma, nde `ROUND` yathu ithera ndi `;2)`.

`#REF!` paliponse. Mwafufuta mzere kapena kolamu yomwe munali reti. Dinani Ctrl+Z pompo. Kukhoma sikuteteza selo yomwe yachotsedwa. Koma kulowetsa mzere watsopano pamwamba si vuto, `$B$1` isanduka yokha `$B$2` kutsatira komwe reti yapita, nde mukaona yasintha musaibweze.

Mwasanja tebulo, mareti nkupezeka pakati pa ndalama. Posanja sankhani mizere ya ndalama yokha, kuyambira wa 5 mpaka wa 9, osati makolamu athunthu, ndipo totala isalowe nawo.

Mizere yatsopano sikulowa mu totala. Mukalemba ndalama ina pansi pa totala, `SUM(B5:B9)` siiona. Lowetsani mzere watsopano pakati pa tebulo, tinene pamwamba pa mzere wa 9, `SUM` ikula yokha kukhala `B5:B10`, kenako kokerani fomyula mu mzere watsopanowo kuchokera pa wa pamwamba pake ndipo dinani selo imodzi muone ngati ikulozabe pa `C$2`.